Nkhani ya mayi wa ku Lifuwu ndi uthenga wa mphoto

Mwana wa ku Lifuwu:
Moni nonse apagulu. Ndalemba kankhani kakafupi koti tikawerenge pa msonkhano wa alimi a mpunga kwathu kuno. Ndi kopeka, koma zimene zilimo ndi zomwe zikuchitika m'midzi mwathu. Kawerengeni mundiuze pamene pakupelewera, makamaka inu amene mumagwira za ndalama za pa foni. Nayi nkhaniyo.

Uthenga unalowa dzuwa litapendeka, mayiyo ali pakhonde kupeta mpunga wotsala. Dzulo lake anali atagulitsa kilombero wake kwa venda wochokera ku Lilongwe, ndipo poopa kuyenda ndi ndalama zomanga pansonga ya chitenje, anapempha vendayo kuti amuikire m'foni. Anapukuta manja, n'kuwerenga pang'onopang'ono monga amawerengera nthawi zonse: "Zabwino zonse! Nambala yanu yapambana K1,500,000 pa mpikisano wa alimi. Imbani msanga mphoto isanapite kwa wina."

Mayunitsi analibe, choncho anangofulasha. Asanaike n'komwe foni pansi, inalira.

Amene anaimbayo anali bambo wa mawu ofatsa, waulemu ngati wolengeza pa wailesi. Anamuyamikira, anafunsa za kumunda, kenaka anati, "Amayi, muli nokha pamenepo? Nkhani ya ndalama imafuna chinsinsi. Musauze munthu, ngakhale achibale, mpaka ndalama italowa. Ambiri ataya mphoto chifukwa cha nsanje za anthu." Mayiyo anavomera. Bamboyo anapitiriza kuti akufuna aone ngati akaunti yake ingathe kulandira ndalama zambiri chonchi, ndiye atchule zimene zilimo panopa. Mayiyo anatchula: K186,400.

"Zili bwino kwambiri. Tsopano titsegule mphoto yanu. Muzidina zimene ndikuuzeni."

Apa panavuta. Kafoni kake kanali ka mabatani, ndipo iye sankatha kudina uku akumvetsera. Anapempha kuti alembe kaye. Bamboyo anaumirira kuti asadule foni, koma ataona kuti sizikutheka analola. Mayiyo anatenga kope la mwana wake wa sitandade 6 n'kulemba kuchikuto: nambala yoyamba yotsegulira, zodina ziwiri, kenaka nambala yaitali imene bamboyo anaitcha nambala ya ofesi, kenaka ina imene anaitcha khodi ya mphoto, 185000, ndipo pomaliza nambala yake yachinsinsi. "Mukamaliza mundifulashe. Mphoto ikutseka 5 koloko."

Anakhala pamkeka kope lili pamiyendo. Anaona malata padenga pamene pali udzu, anaona feteleza, anaona fizi ya mwana wa ku sekondale. Chala chinafika pa batani loyamba. Koma mawu amodzi ankamubwererabe: ngakhale achibale. Chimwalirireni bambo a ana ake, panalibe nkhani yaikulu imene anaichita osauza mlongo wake, mwini mbumba. Ngakhale mbuzi sanagulitsepo osamuuza. Nanga mlendo wa pa foni ndani kuti aletse zimenezo?

Anavindikira mpunga ndi lichero, n'kuyamba ulendo wa kumsika kumene mlongo wakeyo amakonza njinga.

"Achimwene, taonani izi."

Mlongoyo anawerenga uthengawo manja ali ndi girisi, ndipo nkhope yake inawala. "Achemwali, mwayi wake umenewu!" Anaseka, anawerenganso. Kenaka anafunsa, "Mpikisanowu munalowa liti?"

"Sindinalowe. Akuti amangosankha nambala."

Anakhala chete. Anapempha kuona uthenga wa dzulo, uja wa ndalama za mpunga, n'kuuyerekeza ndi wa lerowu. Wa dzulo pamwamba pake panali dzina la kampani. Wa lero pamwamba panali nambala wamba, yonga ya munthu aliyense. Atatero anatenga kope lija n'kuyang'anitsitsa.

"M'foni muli zingati?"

"K186,400."

"Munamuuza?"

"Anafunsa."

Analoza ndi chala pa 185000. "Achemwali, iyi si khodi. Izi ndi ndalama zanu za mpunga. Wangosiyako zolipirira kutumiza."

Mayiyo sanakhulupirire msanga, ndipo mlongoyo sanamukakamize. Anati adine limodzi, koma nambala yachinsinsi asaike. Anadina monga zinalembedwera. Atafika kumapeto foni inalemba yokha kuti akutumiza K185,000 kwa munthu wa dzina limene onse awiri sanalimvepo, ndipo inapempha nambala yachinsinsi. Mayiyo anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. Anakhala pansi pa benchi ya makasitomala.

Nthawi yomweyo foni inalira. Mlongoyo anayankha. "Ndine mchimwene wawo. Tiuzeni ofesi yanu ili pati, tibwera mawa ndi chitupa tidzatenge pamanja." Mawu ofatsa aja anasintha. Anatukwana kamodzi, foni n'kuduka.

Pobwerera mlongoyo anamukweza pa njinga. Anayenda osalankhula mpaka pa mlatho, pamene mayiyo anafunsa ali kumbuyo, "Koma achimwene, anadziwa bwanji kuti ndine mlimi, ndiponso kuti ndagulitsa dzulo?" Mlongoyo anapalasa osayankha.

Yathera pamenepo. Ndikudikira maganizo anu.

Mayi a Mapasa:
Ndawerenga mtima ukugunda. Mawu akuti "muli nokha pamenepo" ndi omwewo ndendende. Ndibweranso ndikamaliza kuphika, ndili ndi yanga.

Aphunzitsi Opuma:
Mwalemba bwino mwanawe. Chandisangalatsa n'chakuti mchimweneyo nayenso anayamba wakondwa. Mukanamupanga wodziwa zonse kuyambira pachiyambi, nkhaniyi ikanakhala ulaliki. Koma ndili ndi dandaulo. Bwanji nthawi zonse wopusitsidwa amakhala mayi wakumudzi, wopulumutsa n'kukhala mwamuna? Amayi a ku Lifuwu akamva nkhaniyi pamsonkhano sadzaona ngati mukuwanyoza? Chachiwiri, mapeto ake mwatisiya m'malere. Funso la mayiyo liyankhidwe. Kwa ine n'zoonekeratu kuti venda uja ndiye anapereka nambala kwa akubawo.

Mwana wa ku Lifuwu:
Zikomo aphunzitsi. Pa choyambacho, ine ndimaona kuti amene anadzipulumutsa ndi mayiyo. Iye ndiye anakana lamulo loti asauze munthu, n'kuyenda ulendo wonse uja kope lili m'manja. Mchimweneyo anangowerenga manambala. Koma ngati sizikuoneka choncho powerenga, ndiye kuti ndiyenera kuonjezera pamene wakhala pamkeka paja.

Ejenti wa pa Kamuzu Road:
Ine ndimakhala pa kauntala tsiku lonse, ndiye ndilankhulepo pa za venda, aphunzitsi. Zikhoza kutheka, sindikukana, koma kawirikawiri sizifuna venda. Anthuwa amatumiza uthenga umodzi ku nambala zambirimbiri motsatana, amangosintha manambala akumapeto. Sadziwa kuti walandira ndani. Mawu oti "mpikisano wa alimi" m'Malawi muno agwera mlimi nthawi zambiri, ndipo akautumiza miyezi yokolola, ambiri mwa olandirawo amakhala kuti agulitsa kanthu sabata yomweyo. Amene sizikumukhudza amangofufuta. Amene zamukhudza amaona ngati amudziwa.

Onaninso m'nkhanimo. Bamboyo sanadziwe kuti mayiyo ali ndi zingati, anachita kufunsa. Akanakhala kuti wauzidwa ndi venda sakanafunsa. Zonse zimene ankadziwa anauzidwa ndi mayiyo mwini, kuyambira pamene anafulasha. Kufulasha kuja ndiye kunawauza kuti nambala iyi ili ndi munthu, wawerenga, ndipo wakopeka.

Aphunzitsi Opuma:
Ndamva, koma mavenda enawa sindiwakhulupirirabe. Amakhala ndi nambala za alimi ambiri m'mafoni mwawo.

Wakabaza wa ku Senga Bay:
Ndiye mayiyo ndalama zake za mphotozo anakatenga kapena zinapita kwa wina? Chifukwa ngati 5 koloko inakwana ali kwa achimwene akewo ndiye anamuchedwetsa. Mipikisano ilipo yeniyeni, ine ndinaonapo pa TV munthu akulandira cheke chachikulu.

Msungichuma wa Banki M'khonde:
Achimwene a kabaza, werenganinso. Kunalibe mphoto. 185000 ija inali ndalama zake zomwe, akanazitumiza yekha ndi chala chake.

Ejenti wa pa Kamuzu Road:
Funso la akabazali lisatayidwe, chifukwa ndi pomwe ambiri amagwera. Zoona, makampani a foni, mabanki ngakhale ogulitsa zakumwa amachititsa mipikisano yeniyeni, ndipo n'chifukwa chake bodzali limagwira. Kusiyana kwake kuli pa zimene akukupempha kuti uchite. Kuti ndalama ilowe m'foni mwako, iwe suchita kalikonse. Sudina, suika pini, sutchula balansi. Foni ikhoza kukhala yozima, ili m'thumba, ndalama n'kulowa. Pini imafunika pa zinthu za mwini akaunti: kutumiza, kutapa kwa ejenti, kulipira katundu, kuona balansi. Ndiye munthu akati ika pini kuti ulandire, dziwa kuti ndalama ikutuluka.

Tiyeni tione zimene mayiyo analemba pa kope. Nambala yotsegulira ija ndi yomwe tonse timaidziwa, *211# kwa a Airtel Money kapena *444# kwa a TNM Mpamba. Zodina ziwiri zija ndi kusankha kutumiza ndalama. Nambala ya ofesi ndi nambala ya foni ya wakubayo. Khodi ya mphoto ndi kuchuluka kwa ndalama. Kenaka pini. Ndi njira yomweyo imene mayiyo amatumizira ndalama kwa mwana wake kusukulu, kungoti chilichonse achipatsa dzina lina. Ndipo amakuyankhulitsa mosalekeza kuti maso ako asawerenge zimene foni ikulemba, khutu lokha ndiye lizigwira ntchito.

Ena m'malo mwa nambala ya foni amakupatsa nambala ya ejenti. Pamenepo umakhala ukutapa ndalama kwa ejenti amene ali kutali, mwina boma lina, ndipo mnzawo waima pa kauntalapo kulandira.

Wakabaza wa ku Senga Bay:
Aaa, ndiye ndamva tsopano. Ine ndimaganiza kuti khodi ndi khodi basi.

Mayi a Mapasa:
Ndabwera. Yanga inali chaka chatha nthawi yogula feteleza. Sanandiuze za mpikisano ayi. Anati ndi a bungwe lothandiza amayi, dzina langa latuluka kuti ndilandire thandizo la ndalama ndi matumba a feteleza, koma ndilipire K15,000 ya fomu. Ndinatumiza. Patapita kanthawi anaimbanso kuti galimoto yonyamula katundu yafika pa Kaphatenga, ikufunika ya mafuta K20,000. Ndinakongola ku banki m'khonde n'kutumiza. Kachitatu anati ya msonkho. Pamenepo ndiye ndinapita kwa mkulu wanga kukabwereka, iye n'kundifunsa kuti bungwe lake liti, unalembetsa kwa ndani, amfumu akudziwa? Ndinalibe yankho. Titaimba nambala ija inali yozima.

Chimene ndikufuna kunena kwa alembi ndi ichi. M'nkhani mwanu mayiyo anapita kwa achimwene ake asanatumize. Ambirife timapita titatumiza kale kamodzi, ndipo ukatumiza kamodzi kumakhala kovuta kwambiri kusiya, chifukwa ukasiya ndiye kuti wavomera kuti zoyamba zija zapita. Ine K20,000 ija ndinatumiza pofuna kupulumutsa K15,000. Ndipo manyazi ndi amene amakutseka pakamwa. Ngongoleyo ndinabweza ndi chiwongoladzanja osauza gulu chimene ndinatengera.

Msungichuma wa Banki M'khonde:
Pepani mayi. Si inu nokha, ndipo mwachita bwino kunena. M'gulu mwathu tinaika lamulo kuti wobwereka mwadzidzidzi, pakati pa sabata, anene chimene akufunira kwa anthu awiri a komiti. Ena amadandaula kuti tikulowerera za m'nyumba mwawo. Koma munthu akabwera akuthamanga, foni ili kukhutu, akuti ndipatseni msanga ndikufotokozerani mawa, timayamba tamukhazika pansi.

Za mabungwezi, Mtukula Pakhomo anthu salowa kudzera pa meseji. Pamakhala kalembera m'mudzi, makomiti ndi a boma amayendera makomo, mudzi wonse umadziwa. Za zipangizo zotsika mtengo nazonso maina amadutsa kwa alangizi ndi mafumu, ndipo pogula umapita wekha ndi chitupa chako cha unzika. Thandizo lobwera mwachinsinsi kwa iwe wekha, loti amfumu asadziwe, kulibe.

Mlimi wa Thonje ku Chinguluwe:
Ine funso langa ndi lakuti, boma linatilembetsa masimu tonse ndi zitupa mu 2018. Tinaima pamizere. Ndiye wakubayo dzina lake likutuluka pa foni monga mwalembera m'nkhanimo, bwanji osangopita kukamugwira? Ine ndimaona ngati a m'makampani momwemo ndi amene amachita zimenezi.

Ejenti wa pa Kamuzu Road:
Kalembera uja analipodi, a MACRA ndi amene analamula. Koma dzina limene limatuluka kawirikawiri si la wakubayo. Amagwiritsa ntchito masimu olembetsedwa ndi zitupa za anthu ena: chitupa chotayika, cha munthu amene anamwalira, kapena cha munthu wakumudzi amene anapatsidwa kangachepe kuti alembetse simu n'kuipereka. Apolisi akatsatira dzinalo amakapeza agogo amene sadziwa kanthu. Ndiponso ndalama sikhala pa nambala imeneyo. Ikangolowa amaitumiza ku nambala ina, kenaka ina, n'kukatapa, zonsezi mphindi zochepa. Nyuzipepala zakhala zikulembanso kuti ena mwa oimba mafoniwa amakhala ali m'ndende, anzawo akunja ndi amene amatapa.

Zoti ndi a m'makampani, ine umboni ndilibe ndipo sindinganene. Chimene ndimaona pa kauntala ndi chakuti njira imeneyi sifuna munthu wamkati. Ikufuna simu, mayunitsi ndi pakamwa pokoma.

N'chifukwa chake ndimauza makasitomala kuti chitupa chanu musabwereke munthu kukalembetsera simu, ngakhale akhale mwana wa mnansi. Mlandu ukadzabwera udzafikira pa dzina lanu.

Mlimi wa Thonje ku Chinguluwe:
Komabe akanafuna akanathana nazo. Nambala imodzi kutumiza mameseji mazanamazana tsiku limodzi iwo osaona?

Aphunzitsi Opuma:
Apo ndikugwirizana ndi a ku Chinguluwe. Mtolo wonse sungasenzedwe ndi mlimi yekha. Koma tibwerere ku nkhani yathu. Pali malo amodzi amene andidetsa nkhawa monga munthu amene ndaphunzitsapo ana. Mchimweneyo akuuza mlongo wake kuti adine limodzi mpaka pa pini. Pankhani zikukoma, chifukwa mayiyo akuona ndi maso ake. Koma mukawerenga pamsonkhano, wina adzapita kunyumba kukayesa yekha, chala n'kuterereka.

Ejenti wa pa Kamuzu Road:
Aphunzitsi mwanena zoona. Chala chinazolowera, chikaona pofunsa pini chimangoika chokha. Ine sindingalangize munthu kuyesa. Komanso musadalire kuti nthawi zonse padzatuluka dzina lachilendo loti likudzidzimutseni. Akubawa amakonzekera. Amakuuziratu kuti mudzaona dzina lakutilakuti, ameneyo ndi akauntanti wathu, musadabwe. Ndiye dzina likatuluka, m'malo mokuchenjeza limakutsimikizira.

Njira yosaopsa ndi imene mchimweneyo anayamba nayo. Funso loyamba, mpikisanowu ndinalowa liti. Kenaka kuona pamwamba pa uthenga ngati pali dzina la kampani kapena nambala wamba yoyamba ndi 099, 098 kapena 088. Ukakayikabe, dula foniyo, pita ku shopu ya kampaniyo kapena imba nambala yothandizira makasitomala imene ukuidziwa kale, osati imene ili mu uthengamo.

Mwana wa ku Lifuwu:
Apa mwandipatsa ntchito. Ndikachotsa podina paja nkhani ikutha mphamvu, chifukwa mayiyo akhala kuti wangokhulupirira achimwene ake monga anakhulupirira bambo wa pa foni uja. Ine ndimafuna aone yekha. Mwina mchimweneyo ayese pa foni yake imene mulibe ndalama?

Msungichuma wa Banki M'khonde:
Kapena mayiyo azindikire yekha. Mchimweneyo angomufunsa kuti, achemwali, mukamatumiza ndalama kwa mwana kusukulu mumadina chiyani? Iye atchule chimodzichimodzi, uku akuyang'ana pa kope, mpaka aone kuti ndi zomwezo. Pamenepo sipafunika kugwira foni, ndipo dandaulo la aphunzitsi lija loti mwamuna ndiye wanzeru lathanso.

Aphunzitsi Opuma:
Imeneyo ndiye nkhani. Tengani imeneyo mwanawe. Ndipo 185000 ija aitchule ndi pakamwa pake mayiyo, osati mchimwene.

Mwana wa ku Lifuwu:
Ndatenga. Zikomo amsungichuma.

Wakabaza wa ku Senga Bay:
Koma kunena zoona, azimayi akuluakulu ngati amenewa bwanji osangopereka pini kwa achimwene awo kapena mwana wawo aziwasungira? Ine ya mayi anga ndimasunga ndine. Wakuba akaimba alibe choika.

Mayi a Mapasa:
Ayi, pamenepo ndiye ndakana. Kwathu kuno alipo amayi amene ndalama za mtedza zinatha ndi ana awo omwe, pang'onopang'ono, mayunitsi lero, kubetcha mpira mawa. Wakuba wa pa foni amaba kamodzi, wa m'nyumba amaba mwezi ndi mwezi ndipo sungamutengere kupolisi. Inu mwina ndinu wokhulupirika, koma si onse. Munthu walima yekha, ndalama ndi zake, pini ikhale yake.

Wakabaza wa ku Senga Bay:
Nanga amene satha kuwerenga? Mayi anga akapita kwa ejenti amapereka foni n'kutchula pini mokweza anthu ali pamzere. Bola ine mwana wawo.

Ejenti wa pa Kamuzu Road:
Zimenezo ndimaziona tsiku lililonse ndipo zimandivuta. Lamulo ndi lakuti pini ndi ya mwini yekha, ngakhale ine ejenti sindiyenera kuidziwa. Ndimadina zina zonse, ndikafika pa pini ndimabweza foni kuti aike okha. Ambiri osawerenga manambala amawadziwa, ndalama amawerenga bwinobwino, ndiye manambala anayi akhoza kuwasunga pamtima akaphunzitsidwa modekha. Koma alipo agogo amene maso anafooka, amene sangathedi. Kwa amenewo yankho labwino ndilibe. Wina ayenera kuwathandiza, ndipo zimatengera kuti m'banjamo wokhulupirika ndani.

Chimene mchimwene wa m'nkhaniyi wachita bwino n'chakuti sanapemphe pini ya mlongo wake ndipo sanamulande foni. Alembi, chimenecho musachisinthe.

Mlimi wa Thonje ku Chinguluwe:
Nanga munthu ukatumiza kale, monga Mayi a Mapasa, pali chochita? Kapena ungolira basi?

Ejenti wa pa Kamuzu Road:
Chochita chilipo koma ndi cha changu. Imbani ku kampani nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche. Uthenga wotsimikiza uja umene umabwera mukatumiza musafufute, chifukwa muli nambala ya ntchitoyo, nthawi, ndalama ndi nambala imene yalandira, ndipo ndi zimene adzakufunseni. Ngati ndalama ikadali pa nambala ija akhoza kuitsekereza. Ngati yatapidwa kale, kunena zoona kubwera kwake n'kovuta. Kenaka kanenani kupolisi, foni ili m'manja ndi mauthenga onse. Ngakhale ndalama isabwere, nambala ija ikatsekedwa mwapulumutsa wina. Ngati munatchula pini kwa munthuyo, isintheni pompo.

Chinanso, mukabedwa kamodzi yembekezerani foni ina. Adzaimba wina kunena kuti ndi wa ku kampani kapena wapolisi, wamva za vuto lanu, akufuna akubwezereni ndalama, mungodina izi ndi izi. Ndi anthu omwewo.

Mayi a Mapasa:
Anandiimbiradi patapita masiku. Anati ndi a ofesi yoona za madandaulo. Mwamwayi foni inali ndi mkulu wanga. Kupolisi sindinapite, ndinkaona ngati akandiseka.

Aphunzitsi Opuma:
Mwanawe, mwamva zimene akunena mayiwa? Mwina pakufunika nkhani yachiwiri, ya munthu amene anatumiza kale. Imeneyo ndiye yovuta kulemba, chifukwa mulibe chipulumutso, muli manyazi ndi ngongole. Koma pamsonkhano wanuwo, mwa anthu amene adzakhale chete kwambiri, ena adzakhala a nkhani yachiwiriyo.

Za mapeto ndasintha maganizo pang'ono. Musayankhe funso la mayiyo m'nkhanimo. Mukamaliza kuwerenga mufunse anthuwo kuti iwo akuganiza kuti wakubayo anadziwa bwanji. Adzakangana monga tachitira ife pano. Ine ndidakali kumbali ya venda.

Mwana wa ku Lifuwu:
Yachiwiriyo ndiyesa, koma Mayi a Mapasa ndidzakufunsani kumbali ngati mungalole, sindidzatchula mudzi kapena chilichonse chokulozani. Pali chinthu china chimene ndikukayika. Bambo wa pa foni uja ndamupatsa ulemu wambiri. Mnzanga wina atawerenga anati wakuba salankhula choncho, ndimupange waukali kuti anthu amuzindikire.

Mayi a Mapasa:
Musasinthe. Amene anandiimbira ine ankanditchula kuti mayi anga, anafunsa za ana, mpaka anati Mulungu wakukumbukirani. Ukali unabwera pamene ndinati ndilibe ya msonkho. Mukamupanga waukali anthu adzadikira wakuba waukali, ndipo sadzabwera. Za kundifunsa ndalola, mundipeze madzulo.

Msungichuma wa Banki M'khonde:
Mukamaliza kukonza mutitumizire, ife timakumana Lachinayi. Koma muifupikitse pang'ono poyambira paja, amayi amabwera ndi ana kumsana ndipo nthawi yambiri imapita powerengera masheya.

Mlimi wa Thonje ku Chinguluwe:
Aejenti, funso lomaliza. Ogula ena masiku ano amafuna kulipira pa foni. Munthu akandionetsa meseji kuti ndatumiza, kapena meseji ikalowa kwa ine, ndidziwa bwanji kuti ndalama yalowadi ndisanapereke katundu?

Ejenti wa pa Kamuzu Road:
Meseji ya pa foni yake musaiwerengere n'komwe. Ya pa foni yanu muone pamwamba ngati yachokera ku dzina la kampani, chifukwa munthu akhoza kukopera meseji yakale, kusintha manambala, n'kukutumizirani kuchokera pa nambala yake. Koma chotsimikiza ndi balansi. Lowani nokha pa *211# kapena *444#, muone ngati ndalama zakwera ndi kuchuluka kumene mwagwirizana. Muzidziwa zimene zinalimo musanayambe malonda. Netiweki ikavuta, katundu adikire pa sikelo mpaka balansi ioneke, ngakhale wogulayo anene kuti galimoto ikumusiya. Ndipo wina akadzaimba kuti ndatumiza molakwitsa ndibwezereni, musabweze nokha, muuzeni aimbe ku kampani ndi imene ibweze.

Mlimi wa Thonje ku Chinguluwe:
Kwathu netiweki imagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa sukulu basi. Ndiye wogula azidikira ndithu, ndipite ndikaone ndibwere.